Inshuwalansi ya katundu wochokera ku Beira: kusankha pakati pa A ndi C, ndi zochita katundu akafika atawonongeka

Wogulitsa wa kunja akakutumizirani mapepala a kontena yanu, pakati pawo pamakhala satifiketi ya inshuwalansi, ndipo ambiri a ife timangoyiona kuti ilipo n'kuyiika m'chikwama. Pa pepala limenelo pali malo awiri oyenera kuwawerenga katundu asanakwere sitima: chilembo cha mtundu wa inshuwalansi, ndi dzina la malo kumene ulendo ukuthera. Kwa munthu wa ku Ulongwe, ku Furankungo kapena ku Mowatize, malo awiri amenewa ndi amene amagamula ngati adzalipidwa kapena ayi, chifukwa katundu wathu akatsika padoko la Beira ulendo wake usanathe. Watsala ndi msewu wodutsa ku Chimoyo, Katandika, Guro ndi Changara, kuwoloka Zambezi pa Tete, ndipo wopita ku Angoniya akhotere pa Musakama n'kukwera mapiri. Kuchoka ku Beira kufika ku Ulongwe ndi makilomita pafupifupi 800, ndipo mvula, akuba ndi kugwedezeka kwa lole zimadikira pamenepa.

Tiyerekeze mayi wa sitolo ya zipangizo za ulimi ku Ulongwe amene waitanitsa mapampu a petulo othirira mbewu 200, iliyonse m'katoni yake, onse m'kontena imodzi. Manambala onse a chitsanzochi ndi ongoyerekeza, kuti masamu aoneke bwino. Tiyenda naye kuyambira pogula inshuwalansi mpaka polandira ndalama.

Choyamba: dziwani kuti pepala lanu ndi la chilembo chanji

Makampani ambiri a inshuwalansi ya katundu, kuphatikizapo a kuno ku Mozambiki, amatsatira ndime zomwe zinalembedwa ndi a inshuwalansi a ku Landani mu 1982 n'kukonzedwanso mu 2009. Pa pepala mudzaona palembedwa ICC (A), ICC (B) kapena ICC (C).

Mtundu wa C ndi wopapatiza kuposa yonse. Umalipira pokhapokha katundu atawonongeka ndi ngozi imene yatchulidwa m'ndimemo: moto kapena kuphulika, sitima kumira, kutembenuzika kapena kutsakamira pamchenga, lole kugubuduka kapena sitima ya pamtunda kuchoka panjanji, chonyamulira kuwombana ndi chinthu china, katundu kutsitsidwa padoko lothawirako ngozi, ndi katundu kuponyedwa m'nyanja dala kuti sitima ipulumuke. Basi, zathera pomwepo. Lole ya mayi uja ikagubuduka pachitunda, C alipira. Koma wina akadula chitseko usiku pamene dalaivala wagona n'kutulutsa makatoni, C salipira, chifukwa kuba sikuli pa mndandanda. Mvula ikalowa pa kabowo ka padenga la kontena, salipiranso. Pampu ikasweka chifukwa cha maenje a mumsewu, lole isanagunde kanthu, palibe chimene mulandire.

Mtundu wa B umawonjezera zingapo pamwamba pa C: chivomezi, mphezi, katundu kukokoledwa ndi mafunde, ndi madzi a m'nyanja, a m'nyanja ya pamtunda kapena a mumtsinje kulowa m'kontena kapena mosungira katundu. Onetsetsani mawuwo. Madzi a mtsinje wosefukira ali momwemo, koma madzi a mvula mulibe, ndipo kubanso mulibe. N'chifukwa chake ine B sindimulimbikitsa kwa munthu wa kuno: zimene wawonjezera ndi za panyanja, pamene zimene zimatipweteka kawirikawiri wazisiya kunja.

Mtundu wa A ndi umene amautcha wa ngozi zonse. Umayenda mosiyana ndi iwiri ija. Sutchula zimene udzalipire, umatchula zimene sudzalipira, ndipo ngozi ina iliyonse yotsala imalowa: kuba, mvula, kusweka, katoni kusowa, munthu kuwononga katundu mwadala. Kusiyanaku kumaonekera kwambiri pa tsiku la mkangano. Muli ndi C, ndinu amene muyenera kusonyeza kuti chimene chawononga katundu ndi imodzi mwa ngozi zotchulidwa zija. Muli ndi A, mungosonyeza kuti katundu ananyamuka ali bwino ndipo wafika atawonongeka mwangozi pa nthawi ya ulendo. Kampani ikafuna kukana, ndiyo iyenera kupereka umboni kuti vutolo lili m'gulu la zosalipidwa. Kwa munthu amene sanali pa sitima ndipo sanakwere lole, sakudziwa kuti zinachitikira pati, mwayi umenewu ndi waukulu kuposa kusiyana kwa mtengo.

Za mtengo, funsani kampani kapena mkhalapakati wa inshuwalansi kuti akuwerengereni A ndi C pa katundu yemweyo. Mtengo umakhala gawo laling'ono la ndalama zimene mwatetezera katundu. Tinene kuti mayi uja amuuza 0.6 peresenti pa A ndi 0.3 peresenti pa C. Pa madola 33,000 amene watetezera mapampu ake, A akhala madola 198 ndipo C akhala 99. Ndalama imene angapulumutse posankha C sikukwana ngakhale pampu imodzi.

C ali ndi malo ake. Zitsulo zomangira nyumba, zimene sizisweka ndipo sizivuta ndi kamvula, zingayende pa C ngati mwavomera mumtima kuti kubedwa kuli kwa inu. Makina ogwiritsidwapo kale ntchito makampani ambiri amangowalandira pa C, popeza n'kovuta kusiyanitsa chilema chakale ndi chatsopano. Ndipo C amakuphimbani pa lamulo lina la panyanja limene ambiri salidziwa: sitima ikagwa m'vuto, monga moto, ndipo ndalama zawonongedwa kapena katundu wina watayidwa kuti onse apulumuke, eni katundu onse amagawana chitayikocho, ngakhale amene kontena yawo sinakhudzidwe. Wopanda inshuwalansi amayamba wapereka chikole kuti kontena yake aimasule. Wokhala ndi A, B kapena C, kampani yake ndi imene imapereka chitsimikizo.

Ngakhale A ali ndi zimene salipira

Dzina lakuti ngozi zonse lisakugonekeni tulo. Pali zinthu zinayi zimene zimakhudza anthu a kuno.

Kupakira kosakwanira ndi chimodzi. Ngati inu kapena antchito anu munapakira mapampu osawamanga bwino, kapena wogulitsa anawaika m'makatoni opyapyala osatha kupirira ulendo wamba inshuwalansi isanayambe, kampani idzati vuto ndi kapakiridwe. Uzani wogulitsa ajambule zithunzi za mkati mwa kontena asanatseke, ndipo musunge.

China ndi chibadwa cha katunduyo. Mbatata ya kachewere yochokera ku Tsangano ikaola pa lole chifukwa cha kutentha kwa ku Tete mu Okutobala, pamene kumadutsa madigiri 40, imeneyo si ngozi, ndi mmene mbatata imachitira. Chimodzimodzi chimanga chouma n'kupepuka pang'ono panjira. Chogwirizana nacho ndi kuchedwa: lole ikakhala masiku pamalire kapena itafa injini, katundu n'kuwonongeka kapena msika n'kukudutsani, A salipira, ngakhale chimene chachedwetsa lole chili ngozi yophimbidwa.

Chachinayi ndi nkhondo, sitiraka ndi zipolowe. Izi zili kunja kwa A, B ndi C, ndipo zimagulidwa padera. Amene anali ndi katundu mumsewu kumapeto kwa 2024, pamene misewu inkatsekedwa chisankho chitatha, akudziwa chifukwa chake ndikunena. Pemphani kuti ndime ya sitiraka ndi zipolowe ilembedwe pa pepala lanu. Imalipira katundu wowonongedwa ndi ochita zipolowe, koma nayonso silipira kuchedwa.

Chachiwiri: onani kumene ulendo ukuthera

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Mukagula pa CIF Beira, wogulitsa amalipira sitima ndi inshuwalansi mpaka padoko la Beira. Malamulo a malonda a pakati pa mayiko a mu 2020 amangomukakamiza kugula C, pokhapokha mutagwirizana zina. Pa CIP, mgwirizano wina umene wogulitsa amalipiranso ulendo ndi inshuwalansi mpaka malo otchulidwa, ndi pamene amamukakamiza kugula A. Choncho munthu wogula pa CIF Beira nthawi zambiri amakhala ndi pepala lopapatiza, lothera ku Beira, ndipo msewu wonse wobwera kuno amayenda wopanda kanthu. Kuli ngati kufunda bulangete lofika m'chiuno mu Juni wa ku Angoniya.

Musadalire inshuwalansi ya mwini lole. Imene lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo ndi yolipira anthu ena ovulazidwa kapena owonongeredwa zinthu pamsewu, osati katundu amene ali pa loleyo. Makampani ena a malole ali ndi ina yophimba udindo wawo pa katundu wa makasitomala, koma imeneyo imalipira ngati iwo apezeka olakwa, ndipo imakhala ndi malire a ndalama. Ndi yawo, si yanu.

Njira zabwino zilipo ziwiri. Mungauze wogulitsa kuti agule A ndipo pa malo othera ulendo alembe Ulongwe kudzera ku Beira. Kapena mungagule pa FOB kapena CFR, pamene mtengo wa wogulitsa ulibe inshuwalansi, inshuwalansi n'kugula nokha kuno, ya ulendo wonse. Ine ndimakonda yachiwiriyi. Kampani ili pafupi, mutha kupita ku ofesi yake ku Tete, ndipo simulimbana ndi munthu wa kutsidya kwa nyanja amene munamulipira kale. Ina ndi kugula ya msewu wokha kuchokera ku Beira, koma ili ndi msampha: mukapeza makatoni onyowa ku Ulongwe, kampani ya panyanja idzati ananyowa pamsewu, ya pamsewu idzati ananyowa panyanja. Inshuwalansi imodzi ya ulendo wonse imachotsa mkangano umenewo. Ngati mwatsala ndi satifiketi ya wogulitsa, onetsetsani kuti wasaina kumbuyo kwake kusamutsira ufulu kwa inu, ndipo werengani dzina la woimira kampaniyo kuno amene muyenera kumuitana zikavuta.

Ndime za 2009 zimati chitetezo chimayamba katundu akangosunthidwa mosungiramo kuti akwezedwe pa galimoto, ndipo chimatha akamaliza kutsitsidwa kumalo otsiriza otchulidwa pa pepala. Koma chingathe msanga m'njira zina. Chimatha pakadutsa masiku 60 chitsitsireni katundu m'sitima padoko lomaliza, choncho kontena ikakakamira ku Beira chifukwa cha mapepala a kasitomu, werengani masiku ndipo pemphani kuwonjezera nthawi asanakwane. Chimathanso ngati mwasankha kutsitsa katundu pamalo ena kuti mumusunge kapena mumugawe. Mayi uja akati mapampu ayambe atsikira kwa mlongo wake ku Mowatize kuti ena agulitsire komweko, inshuwalansi yathera ku Mowatize, ndipo otsalawo adzakwera ku Ulongwe opanda chitetezo. Ngakhale kusiya katundu m'kontena pabwalo panu ngati posungira kumathetsa chitetezo.

Chachitatu: lembetsani mtengo woona

Chizolowezi ndi kuphatikiza mtengo wa katundu, ndalama ya sitima ndi ya inshuwalansi, kenaka kuwonjezera 10 peresenti. Mapampu a mayi uja pamodzi ndi zonsezi akwana madola 30,000, ndiye atetezedwa pa 33,000, kutanthauza madola 165 pampu iliyonse. Msonkho wa kasitomu ndi ndalama ya lole yochokera ku Beira sizili m'menemo pokhapokha mutapempha kuti ziwonjezedwe, ndipo kwa ife akutali ndi doko n'zoyenera kufunsa.

Pali anthu amene amauza wogulitsa alembe fatura yotsika kuti msonkho uchepe. Kupatula kuti ndi mlandu, fatura yomweyo ndi imene kampani ya inshuwalansi idzagwiritse ntchito. Wolembetsa theka adzalandira theka pa pampu iliyonse, ndipo akatulutsa fatura yeniyeni pa tsiku la ngozi, wapereka yekha umboni wakuti ananama pogula, kampani n'kupeza chifukwa chokanira zonse.

Funsaninso za furankiya, gawo la chitayiko limene mumasenza nokha kampani isanayambe kulipira. Muone ngati amawerengera pa mtengo wa kontena yonse kapena pa zowonongeka zokha, ndi ngati amachotsa kamodzi kapena pa ngozi iliyonse. Inshuwalansi igulidwe katundu asananyamuke, kwa kampani kapena mkhalapakati wovomerezedwa ndi bungwe la boma loyang'anira za inshuwalansi m'dziko muno.

Lole yafika: ola loyamba

Nkhani zambiri za malipiro zimapindula kapena kufa pa ola limeneli, dalaivala akadali pabwalo. Musalole kuti katundu atsitsidwe usiku kapena inu mulibe. Musanatsegule, zungulirani kontena mukujambula mbali zonse, nambala yake ioneke, ndipo wina akwere aone padenga. Kenaka gwirani selu, kachitsulo ka nambala kotsekera chitseko, muyerekeze nambala yake ndi imene ili pa BL, pepala la kampani ya sitima. Ngati a kasitomu anatsegula kontena ku Beira, selu idzakhala ina, ndipo nambala yatsopanoyo iyenera kupezeka pa mapepala a desipashanti wanu, amene amakuyendetserani za kasitomu. Nambala imene sikupezeka paliponse ndi chizindikiro chakuti wina anatsegula panjira. Yang'ananinso mabawuti a zogwirira chitseko, chifukwa akuba odziwa ntchito amamasula pamenepo selu osaikhudza. Bawuti yowala pakati pa anzake adzimbiri, kapena penti watsopano pamalo amodzi, ijambuleni.

Kwa mayi uja selu sinagwirizane ndi mapepala. Atatsegula, dalaivala ali pomwepo, apeza mpata pafupi ndi chitseko, ndipo kumapeto kwa kontena makatoni afewa ndi madzi. Awerenga limodzi: afika 192, asowa 8, ndipo mwa ofikawo 30 ndi onyowa.

Dalaivala adzatulutsa giya, pepala lolandirira katundu, ndipo adzafulumiza. "Mayi, ingosainani apa, zinazo mukambirana ndi abwana ku Beira, ine ndikufuna ndikagone ku Tete." Musakwiye naye, koma musasaine pepala loyera. Muyankheni kuti, "Achimwene, ndisaina, koma ndiyamba ndalemba zimene taona tonse." Lembani pa giyapo ndi dzanja lanu: nambala ya selu imene mwapeza, makatoni ofika 192, osowa 8, onyowa 30, tsiku ndi nthawi. Dalaivala asaine pansi pake, ndipo mujambule pepalalo asanapite nalo. Akakana, lembani kuti wakana, mboni ziwiri zisaine. Mawu akuti ndalandira koma sindinaone mkati sathandiza kwenikweni, chifukwa satchula vuto lililonse. Siginecha yopanda ndemanga imanena kuti katundu wafika bwino, ndipo mwini lole adzaigwiritsa ntchito kukana mlandu.

Kontena ikatha kutsitsidwa, lowani mkati, mnzanu atseke chitseko pang'ono ali panja, muyang'ane kumene kuwala kukulowera. Kabowo ka padenga kapena labala wa chitseko wong'ambika zimaonekera nthawi yomweyo. Jambulani mkati ndi kunja. Izi n'zofunika chifukwa kontena imafunika kubwerera ku Beira msanga, masiku owonjezera amalipiritsa, ndipo ikapita umboni wapita nayo. Ngati woyeza wa kampani angafike mawa lake, igwireni. Ngati sangafike, kampani ikuuzeni polemba kuti zithunzi zikwanira.

Tsiku lomwelo ndi masiku atatu otsatira

Imbirani kampani ya inshuwalansi kapena mkhalapakati wanu tsiku lomwelo, kenaka tumizani uthenga wolemba, wokhala ndi nambala ya apolise, pepala la inshuwalansi lija, nambala ya kontena, zimene mwapeza ndi zithunzi. Simufunika kudziwa kale mtengo wa zowonongeka. Pemphani kuti atumize peritu, katswiri woyeza zowonongeka. Masiku odziwitsira alembedwa mu apolise yanu, koma musadikire kuti akwane.

Popeza pali kuba, pitani ku polisi ya pa boma lanu mukalembetse, mutenge pepala lawo. Lole ikadachita ngozi panjira, pepala likadachokera kwa apolisi a dera limene yagwerako.

Kenaka lembani kalata kwa aliyense amene anagwira katunduyo: kampani ya lole, kampani ya sitima kudzera kwa woimira wake ku Beira, ndi amene anakonza ulendo ngati alipo. Kalatayo ikhale yaifupi. Itchule kontena, BL, tsiku lofika, zimene zasowa ndi zowonongeka, inene kuti mukuwaika pa mlandu wa chitayikochi, ndipo iwaitane kudzaona nawo poyeza. Malamulo amene ma BL ambiri amatsatira amati vuto looneka linenedwe polandira katundu, ndipo losaoneka msanga linenedwe pasanathe masiku atatu. Masikuwo angayambe kuwerengedwa pamene kontena inatuluka m'manja mwa kampani ya sitima, ndiye tumizani kalata lero, ndipo uzani desipashanti wanu kuti nthawi zonse azilembetsa chilema chilichonse cha kontena pa pepala lotulukira pageti la doko.

Mwina mufunsa kuti makalatawa ndi a chiyani pamene muli ndi A. Kampani ikakulipirani, imatenga ufulu wanu wokalondola ndalamazo kwa wolakwa, ndipo ndime za inshuwalansi zimakupatsani udindo wosunga ufulu umenewo. Mukauwononga, ingadule malipiro anu. Pa chifukwa chomwecho, mwini lole akabwera ndi kandalama kuti nkhani ithere pompo, musasaine chilichonse chomumasula kampani yanu isanavomere.

Udindo wina ndi kuchepetsa chitayiko. Patulani makatoni onyowa, tulutsani mapampu, apukuteni, muwaike pouma. Ndalama zoyenera zimene mwawononga pa ntchito imeneyi zimabwezedwa, choncho sungani malisiti. Koma musataye kanthu, ngakhale makatoni ofewawo ndi selu yodulidwa, ndipo musagulitse kapena kukonzetsa pampu yowonongeka peritu asanaione.

Zimene peritu amafufuza

Iye amafuna kudziwa zinthu ziwiri: chachititsa n'chiyani, ndipo chitayiko n'chachikulu bwanji. Pa madzi, amayeza ngati ali ndi mchere pogwiritsa ntchito mankhwala amene amachita mbuu akakumana nawo. Mchere umaloza kunyanja, madzi opanda mchere amaloza ku mvula kapena ku thukuta la kontena. Thukutali limachitika mpweya wonyowa wa mkati ukagunda denga lozizira usiku n'kudontha, ndipo limadziwika ndi madontho omwazikana pamwamba pa makatoni onse a mzere wapamwamba. Madzi olowa pabowo amanyowetsa malo amodzi kutsika pansi, ndipo pakhoma pamatsala mzere wa dzimbiri. Kusiyanitsaku kuli ndi ntchito, chifukwa pa thukuta kampani ingayese kunena kuti chinyezi chinachokera m'makatoni kapena m'matabwa osauma, n'kulowetsa nkhani ku kapakiridwe. Chithunzi chija cha kuwala kolowa padenga chimatseka njira imeneyo.

Khalani pomwepo poyeza, ndipo ngati simukugwirizana ndi chiwerengero chake nenani nthawi yomweyo, zilembedwe. Kwa mayi uja peritu wapeza kuti mwa mapampu 30 onyowa, 12 madzi analowa mu injini ndipo sangagulitsidwenso, pamene 18 achita dzimbiri kunja ndipo mtengo wawo watsika ndi 40 peresenti.

Masamu ake ayenda chonchi. Mapampu 8 obedwa pa madola 165 ndi 1,320. Mapampu 12 otheratu ndi 1,980. Pa 18 aja, 40 peresenti ya 165 ndi madola 66, kuchulukitsa ndi 18 ndi 1,188. Zonse pamodzi ndi 4,488. Furankiya ikakhala 1 peresenti ya 33,000, achotsa 330 ndipo mayi alandira 4,158. Kampani ikaona kuba ndi kunyowa ngati ngozi ziwiri, ndipo apolise ikulola, ichotsa kawiri, atsale ndi 3,828. Mapampu 18 amakhala ake, awagulitse motsika. Otheratu aja, kampani ingawatenge kapena kuchotsa pa malipiro ndalama imene zitsulo zake zingagulitsidwe. Akadakhala ndi C, ngakhale wofika mpaka ku Ulongwe, sakadalandira kalikonse, chifukwa lole sinagubuduke ndipo sinagunde kanthu.

Kutumiza mapepala ndi kulondola

Kampani idzafuna apolise kapena satifiketi, fatura ndi mndandanda wa zopakidwa, BL, pepala la ulendo wa lole, giya ija yokhala ndi ndemanga zanu, lipoti la peritu, pepala la polisi, makalata amene munalembera onyamula katundu pamodzi ndi mayankho awo, zithunzi, ndi kalata yanu yotchula ndalama zimene mukufuna ndi mmene mwawerengera. Onjezani mapepala a kasitomu ndi lotulukira padoko. Perekani zonse kamodzi, sungani makope, ndipo wolandira adinde ndi kulemba tsiku. Chimene chimachedwetsa malipiro kawirikawiri ndi manambala osagwirizana: fatura ikunena 200, mndandanda ukunena 198, kapena nambala ya kontena yalakwika chilembo chimodzi. Yerekezani nokha musanapereke, ndipo pamene pali kusiyana fotokozani m'kalata.

Akavomera, adzakupatsani pepala losaina lonena kuti mwalandira ndipo mwasamutsira kwa iwo ufulu wolondola onyamula katundu. Werengani ndalama yolembedwapo musanasaine, popeza mukasaina nkhani yatsekedwa. Akakana kapena akadula, pemphani kalata yotchula ndime yeniyeni imene aimirapo, muyankhe ndime imeneyo ndi umboni. Akati kapakiridwe kanali kofooka, tumizani zithunzi za wogulitsa za tsiku lopakira ndi kusonyeza kuti makatoni 162 ofika bwino anapakidwa mofanana ndi owonongekawo. Zikakanika, dandaulo lingapite ku bungwe la boma loyang'anira za inshuwalansi, kapena nkhani ipite kukhoti. Pamene mukukangana ndi kampani yanu, kumbukirani kuti nthawi yosumira kampani ya sitima, pa malamulo a ma BL ambiri, ndi chaka chimodzi chokha kuchokera pa tsiku loperekera katundu. Miyezi ikamapita nkhani isanathe, lembani kwa woimira sitima kupempha kuti awonjezere nthawiyo, ndipo yankho lake likhale lolemba.